Za Mau ndi Milomo m'Kanema wa Zithunzi Zojambula

M'chaka cha 2023 munatuluka kanema wa zithunzi zojambula wotchedwa Supa Team 4, amene anamuyambitsa ndi Malenga Mulendema wa m'Zambia. Nkhani yake ichitikira m'Lusaka, koma atsikana ake anayankhula Chingerezi ndi Chizulu. Wofuna kuwayankhulitsa Chinyanja adziwe msampha womudikira.

Tiyerekeze kuti mwana wa m'chithunzi afuula kuti, “Help me!” Kamwa itseguka kawiri, ndipo milomo ikumana pakati pa mauwo. Womasulira wosasamala alemba kuti, “Ndithandizeni!” Tanthauzo nlolondola, koma maphatikizo ndi asanu, ndipo palibe pamene milomo ikumana. Woyankhula athamanga ngati wopirikitsidwa, koma mau apitirirabe kamwa itatsekeka kale. Ngakhale mwana wa ku Matero aona msanga kuti akunamizidwa.

Mmisiri ayamba wafunsa kuti, “Kodi mwana wakwathu akaopa amafuula chiani?” Amati, “Amayi!” Maphatikizo ndi atatu okha, ndipo milomo ikumana pakati pomwepo. Komabe mau amenewa ayenera mwana wamantha yekha. Ngwazi yoitana anzake pankhondo siingafuule chotero, pakuti tanthauzo lisafe chifukwa cha milomo.