Luso la Kuwerengera Chuma Chosungidwa ndi Munthu Mmodzi

M'mipingo yambiri msungichuma ndiye amalandira chopereka, ndiye amalemba lisiti, ndiye amakwera minibasi kukasungitsa ndalama ku banki, ndiyenso amagula simenti ya ntchito yomanga. Chaka chikatha amabwera ndi buku loyera bwino, masamu onse ogwirizana. Wowerengera ndalama wongoyamba kumene amaphatikiza mizere ya m'bukumo, napeza kuti zonse zili bwino, nasaina. Katswiri amaliyamikira bukulo n'kuliika pambali kaye, chifukwa akudziwa kuti zolembedwa ndi dzanja limodzi sizingatsutsane zokha.

Chimene amayamba kufuna ndi umboni umene msungichuma sanaulembe. Amapempha kope limene mlembi amawerenga polengeza chopereka cha sabata yatha, ndi timapepala timene atumiki amasaina akatha kuwerenga ndalama. Sitetimenti ya ku banki salandira kuchokera m'chikwama cha msungichuma. Amapempha mmodzi wa osainira akaunti kuti akatenge ina ku banki komweko. Ngati akhristu amatumiza chakhumi pa Airtel Money kapena Mpamba, amafunsa kuti nambalayo inalembetsedwa m'dzina la ndani.

Chimene chimandigometsa kwambiri n'chakuti maso ake amakhala pa masiku kuposa pa ndalama. Tiyerekeze mwezi wa masabata anayi, chopereka chake K420,000, K385,000, K510,000 ndi K400,000. Sabata yoyamba msungichuma wapatulapo K150,000 ya fizi ya mwana, ali ndi mtima wobweza. Zotsala ndi K270,000, ndipo sangapite nazo ku banki popeza mpingo wonse unamva kuti zinasonkhedwa K420,000. Amadikira chopereka chachiwiri, natengako K150,000, nakasungitsa K420,000 yathunthu. Chachiwiricho amachikwaniritsa ndi chachitatu, chachitatu ndi chachinayi. Silipi iliyonse ya ku banki ikufanana ndendende ndi zimene zinalengezedwa, moti woona ziwerengero zokha sangapeze kanthu.

Katswiri amajambula mizere iwiri: tsiku losonkha ndi tsiku la chidindo cha banki. Akaona kuti m'miyezi yam'mbuyo ndalama zinkalowa Lolemba lotsatira, koma tsopano zikulowa patatha masiku asanu ndi atatu, nthawi zonse chopereka china chitasonkhedwa kale, amadziwa pofunika kukumba. Komabe sathamangira kuweruza. Banki ingakhale kutali, ndipo komiti ingakhale inagwirizana zophatikiza maulendo kuti isamawononge ndalama zoyendera. Koma wophatikiza maulendo amakasungitsa zopereka ziwiri pamodzi. Wopita sabata iliyonse atanyamula chopereka chakale, n'kusiya chatsopano kunyumba, ali ndi chifukwa china.

Chotsimikiza ndi kuwerenga ndalama zili m'manja, mosachenjeza. M'chitsanzo chathuchi, chopereka chachitatu chikalowa ku banki, buku likuti m'bokosi muli K400,000, koma mupezeka K250,000. Apa pali msampha wina umene wodziwa ntchito sagwamo. Ngati munthu yemweyo akusunganso thumba la amayi a Mvano ndi la ntchito yomanga, matumba onse awerengedwe nthawi imodzi patebulo limodzi, apo ayi ndalama zomwezo zidzaonetsedwa lero ngati za mpingo, mawa ngati za amayi. Amawerenga msungichuma ali pomwepo ndi mkulu wa mpingo mmodzi, onse atatu nasaina, kuti pasadzakhale wonena kuti ndalama zinasowera m'manja mwa wowerengera.

Zogulidwa sataya nazo nthawi yambiri pamapepala, pakuti lisiti ya pasitolo si yovuta kupeza. Ikanena malata 60, iye amatuluka kukawerenga padenga. M'buku la malisiti a mpingo amatsata manambala, ndipo tsamba lolembedwa kuti lafafanizidwa amafuna kuona chapamwamba chake chidakali momwemo.

Kafunsidwe kake nakonso n'kophunzirapo. Sanena kuti ndalama zasowa. Amati, “Bambo, tandikumbutseni, chopereka cha sabata yachinayi chinagona kuti?” Nthawi zina yankho limatulutsa zimene buku linabisa mwaulemu: wamkulu wina anabwereka pakamwa pa nthawi ya maliro, ndipo msungichuma anachita manyazi kumusainitsa. N'chifukwa chake mu lipoti amalemba kuti K150,000 ilibe umboni, osati kuti yabedwa.

Pali malire amene iye amawavomereza poyera. Ngati msungichuma amawerenga chopereka ali yekha, ndipo chiwerengero cholengezedwa chimachokera kwa iye yemwe, ndalama yochotsedwa isanalembedwe palibe angaitsate. Pamenepo amalemba kuti watsimikiza zolembedwa zokha, napempha komiti kuti anthu awiri osakhala pachibale aziwerenga ndi kusaina mapemphero akangotha, ndiponso kuti sitetimenti ya mwezi uliwonse izifikira kwa mlembi.