Mawu akuti "palibe amene analembapo" m'mawu oyamba a kafukufuku

Ophunzira ambiri a ku yunivesite amatsegula mawu oyamba a kafukufuku wawo ndi chiganizo chonga ichi: "Kafukufukuyu ndi woyamba kuunika Gule Wamkulu mozama, pakuti palibe amene analembapo zogwira mtima pa nkhaniyi." Wolemba amaona ngati wadzikonzera mpando wapamwamba, koma woyesa ntchitoyo akangowerenga amatenga cholembera chofiira.

Woyesayo amakumbukira kuti W.H.J. Rangeley analemba za Nyau za ku Nkhotakota kale mu 1949, m'magazini ya Nyasaland Journal. Amadziwa kuti Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden anafotokoza mu 1972 momwe Nyau zinalimbirana ndi mishoni za Akatolika m'nthawi ya atsamunda, kuti Kenji Yoshida anafufuza za Nyau pakati pa Achewa a ku Zambia, komanso kuti bambo Claude Boucher a ku Mua anatulutsa mu 2012 buku lalikulu lofotokoza zilombo za gule ndi nyimbo zake. Guleyu ngakhale bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Ndiye wophunzira akati palibe amene analembapo, woyesa amangoona ziwiri: mwina sanawerenge, mwina anawerenga koma akubisa. Zonsezi zimaipitsa mitu yotsatira, chifukwa amene wakunamiza pa tsamba loyamba umamukayikira ngakhale pa tsamba 60, pamene akunena zoona.

Vuto lenileni la chiganizochi n'lakuti mwiniwake sangachiikire umboni. Kuti unene kuti palibe, uyenera kukhala utaona zonse. Chonsecho kuno kwathu kafukufuku wambiri sanasindikizidwe. Ali m'mashelefu a laibulale ya yunivesite ku Zomba, pa intaneti sapezeka. Wina ali m'zinenero zimene wolembayo sadziwa. Pepala limodzi lokha likatulukira, chiganizo chonse chagwa.

Mankhwala ake ndi kuchepetsa munda kufikira pamene khasu lako linafikadi. Tiyerekeze kuti wophunzirayu anapita m'midzi iwiri ya ku Dedza n'kujambula nyimbo zimene amayi amaimba ndi kuvomera pabwalo gule akamavina pamaliro. Ayambe ndi kutchula amene anamutsogolera, ndipo anene chimene aliyense anachita, osangondandalika mayina. Kenako aloze mpata weniweni. Pomaliza anene chimene wabweretsa, ndi malire ake. Zikhoza kumveka motere: "Olemba amene ndawatchulawa anafotokoza kwambiri za zilombo, matanthauzo ake ndi mbiri ya Nyau. Nyimbo za amayi amazitchula, koma m'zimene ndawerenga sindinapeze kufotokoza momwe amayiwo amasinthira mawu a nyimbo malinga ndi maliro amene alipo. Kafukufukuyu akuunika zimenezi m'midzi iwiri ya ku Dedza, m'chilimwe chimodzi."

Taonani zimene zachoka. "Woyamba" palibenso. "Mozama" wachokanso, chifukwa ndi mawu onyoza ena mobisa: akutanthauza kuti onse akale ankangopalasa pamwamba. M'malo mwa "palibe" mwalowa "m'zimene ndawerenga sindinapeze", chimene wolemba angachiteteze pamaso pa aliyense, malinga ngati anawerengadi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti ntchitoyo tsopano ikuoneka yatsopano kuposa poyamba, chifukwa wowerenga akuona pamene payambira chatsopanocho: amayi, kusintha kwa mawu, maliro. Woyesa akhoza kufunsa kuti bwanji midzi iwiri yokha, ndipo limenelo ndi funso loyankhika.

Njira yophweka yodziyesera ndi iyi. Pa chiganizo chilichonse chodzitama, dzifunseni kuti ndi tsamba liti la kafukufuku wanu limene likuchitsimikiza. Ngati mwalemba kuti zotsatira zanu zisintha momwe Amalawi amaonera chikhalidwe chawo, tsamba lotero simulipeza. Ngati mwalemba kuti nyimbo imodzi inaimbidwa ndi mawu osiyana pa maliro a mfumu ndi pa maliro a munthu wamba, tsamba lake lilipo, ndipo mukhoza kuliloza ndi chala.

Pali ena amene akauzidwa izi amagwera mbali inayo. Chiganizo chilichonse amachikutira ndi "mwina", "zikuoneka ngati", "pang'ono chabe", mpaka wowerenga osadziwanso chimene chapezeka. Chizolowezi chathu chodzichepetsa pamaso pa akuluakulu chimatikokera kumeneku, ndipo ine ndimaona kuti n'kulakwa kofanana ndi kudzikweza kuja. Kukayika kuli ndi malo ake amodzi, pamene mukunena za zimene ena sanalembe, poti simungazidziwe zonse. Pa zimene munajambula nokha pabwalo, munamvetsera n'kuzilemba, nenani mosazungulira: munapita kuti, munamva nyimbo zingati, ndipo zinasiyana motani.