Mbuzi Idathawa, Kapena Idaathawa?

Ndatopa nawo mkangano wa aphunzitsi ndi alembi pa za -na- ndi -da-, umene umakometsedwa ngati kuti luso lonse la mneni lagona pamenepo. Lamulo limene ambiri tidaliloweza pasukulu, m'masiku a bungwe la Chichewa Board limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndi lakuti -na- ndi wa zochitika lero lomwe, ndipo -da- ndi wa dzulo, dzana ndi kalekale. Lamulolo sindilinyoza, pakuti pepala silisonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo "ndinapita" wa m'mawa uno ndi "ndinapita" wa chaka chatha, amene khutu limawasiyanitsa popanda vuto, diso limawaona ngati mapasa. Komatu Buku Lopatulika la 1922 limasimba zakale ndi -na-, monga alankhulira ambiri kummwera, pamene Buku Loyera la 1998 limatsata -da- wa m'chigawo chapakati, ndipo onsewo amamveka. Mlembi asankhe njira imodzi, aisunge kufikira kalata itatha.

Chimene chimandiwawa mtima ndi china, ndicho chakuti oweruza zolemba amangofunsa kuti chinthu chidachitika liti, osafunsa funso limene Mchewa weniweni amayankha nthawi zonse akamatchula mneni, lakuti: kodi chimene chidachitikacho chikadali chomwecho, kapena chidafafanizika?

Tiyeni tione kalata ya munthu wodandaula kwa Gogo Chalo za mbuzi yake. Akalemba kuti "mbuzi yanga yathawa", khola lili pululu pamene akulembapo, ndipo mfumu iyenera kutuma anyamata akafunefune. Akati "inathawa m'mawa", akusimba za lero lomwe, koma womva amayembekeza kuti mwina yapezeka kale, monganso mlendo wonena kuti "ndinabwera m'mawa" amatanthauza kuti adafika nabwerera, pamene "ndabwera" ndi mawu a munthu amene wakhala pamphasa panu. Akati "idathawa mwezi watha", papita masiku ndithu, koma mbuziyo kufikira lero sinaoneke. Tsono akatalikitsa liwu, nalemba kuti "idaathawa", nkhani yonse yatembenuka, pakuti mbuziyo idabwezedwa, ili m'khola, ndipo mlandu watsala pa chimanga chimene idadya m'munda wa eni. Lembo limodzi lokha, a wachiwiriyo, lasintha chimene bwalo liyenera kuweruza!

Ha, kukoma kwake kwa -daa- ameneyu, amene alembi a masiku ano amutaya ngati gaga! Taonani mayi amene "adakwatiwa ku Dowa": ali komweko, pabanja pake. Koma amene "adaakwatiwa ku Dowa" adabwerako, ndipo wolembayo wanena zonse mwaulemu, osatchula za kutha kwa ukwati kapena kuchititsa munthu manyazi. Mark Hanna Watkins, amene adasindikiza galamala ya Chichewa m'chaka cha 1937 atamva chinenerochi kwa Kamuzu Banda, pamene anali wophunzira ku Chicago, adakuzindikira kusiyana kumeneku, kwa ntchito imene zotsatira zake zikadalipo ndi imene zotsatira zake zidachoka. Ndipo mlaliki aliyense wosamala akudziwa kuti Lazaro wa ku Betaniya, pa imfa yake yoyamba ija, adaamwalira, popeza adatuluka m'manda. Koma makolo athu adamwalira, ali chigonere. Ndaona ndi maso anga mkonzi wina akufafaniza a wachiwiriyo ndi inki yofiira, poyesa kuti dzanja la mlembi lidaterereka, ndipo mtima wanga udawawa, chifukwa adachotsa mawu amene sakadabwezedwa koma ndi chiganizo chathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mkonzi wothamanga sawaona.

Za -ma- wa kawirikawiri ndinene mwachidule, ngakhale nayenso ali ndi msampha wake. "Mbuzi imathawa" pakamwa ndi mawu awiri: liwu likakwera poyambirira, ndiye khalidwe lake la masiku onse; likayamba kukwera pambuyo pa -ma-, ndiye kuti inali kuthawa nthawi ina yapitayo. Pepala silingathe kunyamula zonse ziwiri, choncho m'kalata ya kubwalo kapena m'malipoti a msonkhano -ma- asiyidwe kwa zimene zimachitikabe, ndipo chizolowezi chakale chipatsidwe -nka-. Wolemba kuti "malemu amapereka msonkho chaka chilichonse" wadzutsa wakufa kuti akaime pamzere kwa kalaliki. Akadati "ankapereka", owerenga sakadakhumudwa. Chomwechonso mwini mbuzi uja, akafuna kuti mfumu imumvere chifundo, alembe kuti "inkathawa ndisanamange khola latsopano", pakuti akalemba "imathawa" wadzinenera yekha mlandu wa mawa, ndipo eni munda adzapempha kuti mbuziyo imangidwe chingwe kufikira atakolola.