Mauta kapena mantha? Kuunika njira ya ku Leiden yosonyezera mawu okayikitsa m'zolemba zakale

Mabuku owerenga a Chinyanja ndi ochepa m'masukulu a zinenero ziwiri, choncho aphunzitsi ena amafunafuna zolemba zakale za pamanja: makalata a anthu amene ankagwira ntchito ku Joni ndi ku Rodeshiya, mabuku a ubatizo a ku mishoni, ndi makope a aphunzitsi akale a m'midzi. Mapepala otere safika athunthu. Chiswe chinadyako, chinyezi chinafufuta inki, ndipo wolembayo mwina ankathamanga. Wokopera akafika pa liwu losawerengeka amayenera kusankha chochita, ndipo chimene wasankhacho ndi chimene mwana wa sukulu adzachitenge ngati mbiri ya kwawo.

Njira zofala ndi ziwiri. Ena amalemba liwu limene akuliganizira osanena kuti angoganizira. Ena amaika mfunsiro paliponse pamene pawavuta. Njira yoyamba imanamiza wowerenga. Yachiwiri imaoneka yoona mtima, koma imaphatikiza zinthu zosiyana. Mfunsiro umodzi sunena ngati pepala linabooka, ngati inki ilipo koma yazilala, kapena ngati liwu likuwerengeka bwino koma wokopera salidziwa tanthauzo.

Njira yachitatu inakhazikitsidwa mu 1931 mumzinda wa Leiden, ku Holande, ndi akatswiri owerenga zolemba zakale za pa gumbwa. Mfundo yake ndi yakuti vuto lililonse likhale ndi chizindikiro chakechake. Zilembo zimene zinatayika koma wokopera wazibwezeretsa zimalowa m'mikutiramawu ya makona, chonchi [ ]. Ngati sangathe kuzibwezeretsa, amaikamo madontho olingana ndi chiwerengero cha zilembo zotayikazo. Chilembo chimene chikuoneka pang'ono koma n'chokayikitsa chimalandira kadontho kunsi kwake. Chimene wolemba anaiwala chimalowa m'zizindikiro izi < >, ndipo chimene iye mwini anafufuta chimalowa m'mikutiramawu iwiriiwiri [[ ]]. Funso ndi lakuti kaya njira yopangidwira Chigiriki ndi Chilatini ingathandize pa Chinyanja cha m'makalata.

Yankho limaoneka bwino pa chitsanzo chongoyerekeza. Kalata yakale ikhoza kukhala ndi mzere wonena kuti "Antu a kutsidya anafika ndi ma?ta ambiri ndipo amfumu anawa????ira pa bwalo". Mavuto ali pawiri, ndipo ndi osiyana. Pa liwu loyamba inki ilipo, koma chilembo chachitatu ndi timizere tiwiri toimirira tolumikizana mosadziwika bwino, moti chikhoza kukhala u kapena n. Pa liwu lachiwiri chiswe chinaboola pepala pakati pa mneni.

Chilembo chija chikakhala u, liwulo ndi "mauta", ndipo anthuwo anabwera kudzachita nkhondo. Chikakhala n, liwulo ndi "manta", kutanthauza mantha, chifukwa olemba ambiri akale sankaika h pambuyo pa t. Kalata yomweyo yalemba "antu", ndipo mwina yalembanso "ntawi" ndi "muntu". Pamenepo anthuwo ndi othawa ofuna pobisala. Mawu akuti "ambiri" sathandiza, popeza amagwirizana ndi mayina onse awiri. Chilembo chimodzi chikusandutsa alendo kukhala adani, ndipo zidzukulu za anthu a kutsidya aja zikhoza kukhala m'kalasi momwemo.

Wokopera wosamala sathamangira tanthauzo. Amayamba wafufuza m'kalata yomweyo mawu amene sakayikitsa, monga "kuti", "uyu", "ndi" ndi "ndipo", n'kusonkhanitsa ma u khumi ndi ma n khumi a dzanja lomwelo. Kenako amaona pamene timizere tiwiri tija timalumikizana. Kwa olemba ambiri n imalumikizana pamwamba ndipo u imalumikizana pansi. Kuwalitsa tochi cham'mbali, molambalala ndi pepala, nthawi zina kumaonetsa kanjira kamene cholembera chinadinda ngakhale pamene inki inatha. Koma pali manja ena, makamaka olemba mofulumira, amene u ndi n zawo sizisiyana konse. Zikatero kafukufuku wathera pomwepo, ndipo chotsala ndi kusonyeza kukayikako.

Bowo la pa mneni limafuna ntchito ina. Mawu angapo akhoza kukwanapo: anawalandira, anawadikira, anawakalipira, anawalalatira. Apa lula amathandiza. Ngati bowo ndi lalitali mamilimita 12, ndipo pa mzere womwewo zilembo zinayi zimatenga pafupifupi mamilimita 12, "dik" yafupika. "Kalip" ili ndi zilembo zisanu, koma l ndi i n'zowonda, choncho muyeso wokha suichotsa. M'mphepete mwa bowo ndi mmene muli umboni wina. Chilembo p chili ndi mchira wotsika pansi pa mzere, ndipo ngati pepala la kunsi kwa bowo lili bwino koma mchira palibe, "kalip" yagwa. Ngati pamwamba patsala nsonga ziwiri zokha za zilembo zazitali, ina koyamba ina kumapeto, "land" ikukwana kuposa "lalat", imene ikanasiya nsonga ina pakati.

Ubwino waukulu wa njira ya ku Leiden uli apa. Mzerewo umalembedwa kuti "anafika ndi maṇta ambiri ndipo amfumu anawa[land]ira pa bwalo". Wowerenga amadziwa nthawi yomweyo kuti n ija diso linaiona koma mokayika, pamene "land" palibe diso limene linaiona. Kusiyanitsaku kumateteza ku msampha umene okopera ambiri amakodwamo osadziwa. Amene wawerenga "mauta" amayamba kuona kuti amfumu anawakalipira, ndipo amene wawerenga "manta" amaona kuti anawalandira. Kenako amabwerera n'kunena kuti popeza amfumu anawalandira, liwu loyamba liyenera kukhala mantha. Zongoganizira ziwiri zachirikizana mpaka zaoneka ngati umboni. Zizindikiro zikakhala pa mzere, munthu wina amatha kuona kuti chiganizo chonse chatsamira pa malo awiri ofooka.

Komabe njirayi ili ndi zofooka zitatu zimene zimakula ikafika kusukulu. Choyamba, kadontho kamangonena kuti n ndi yokayikitsa, koma sikatchula u. Akatswiri amaika kawerengedwe kachiwiri m'ndemanga za kunsi kwa tsamba, ndipo ndemanga zotere ndi zimene zimayamba kutayika nkhani ikamakopedwa pa bolodi kapena m'kope. Wowerenga amatsala ndi "manta" ndi kadontho, osadziwa kuti mauta analinso pafupi.

Chachiwiri, kadonthoko n'kakang'ono kwambiri. Makina a fotokope amakameza kapena kuwaza timadontho tina pa tsamba, ndipo pa foni ndi pa kompyuta zambiri kuika dontho kunsi kwa chilembo si chinthu chapafupi. Vutoli limakula pa nkhodolero. Kachizindikiro ka pakati pa g ndi o kakhoza kukhala inki kapena ndowe ya ntchentche, chonsecho ndi kamene kamasiyanitsa ng'oma yovinira ndi ngoma ya kutchire. Kuika dontho kunsi kwa nkhodolero sikuthandiza aliyense. Kuonjezera apo, olemba ena sankaika nkhodolero n'komwe, choncho kusowa kwake si umboni wakuti akunena nyama.

Chachitatu, zizindikiro za chilembo choiwalika zimakopa aphunzitsi, amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kuchonga makope. Dzanja limafuna kulemba "mant<h>a" ndi "ant<h>u". Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa wolemba sanaiwale h, anatsata kalembedwe ka nthawi yake. N'chimodzimodzi ndi nh m'malo mwa ny m'mabuku olembedwa ndi anthu ozolowera Chipwitikizi. Kalembedwe kakaleko n'kofunika kukasunga, pakuti "antu" wa m'kalata muja ndiye amene wachititsa kuti "manta" akhale kawerengedwe kotheka. Wokonza "antu" kukhala "anthu" wafafaniza umboni wake womwe.

Osunga zolemba pa kompyuta anathetsako chofooka choyamba kudzera m'malamulo a TEI, amene anayamba kukonzedwa mu 1987. Iwo amalola kuti mawerengedwe awiri akhale pa mzere womwewo:

```xml
ma<choice><unclear>n</unclear><unclear>u</unclear></choice>ta
anawa<supplied reason="lost">land</supplied>ira
```

Apa mauta satayika. Koma kalembedwe kotere ndi ka makina, ndipo sikangaikidwe pa bolodi.

Chigamulo choyenera ndi chakuti maganizo a ku Leiden asungidwe koma zizindikiro zichepe. Pa ntchito ya sukulu zitatu n'zokwanira. Zilembo zobwezeretsedwa zikhale m'mikutiramawu ya makona, monga anawa[land]ira. Malo otayika osabwezeretseka akhale ndi madontho owerengedwa, monga anawa[....]ira. Liwu lokayikitsa litsatidwe pomwepo ndi mfunsiro pamodzi ndi kawerengedwe kachiwiri, monga manta[?mauta]. Tanthauzo la zizindikirozi lilembedwe pamwamba pa tsamba loyamba, pamodzi ndi mawu onena kuti mikutiramawu yozungulira ndi mizere ya kunsi kwa mawu ndi za wolemba mwini.

Malire ake ayeneranso kudziwika. Liwu lowerengeka bwino koma lachilendo, monga dzina la mudzi umene unasamuka, silifuna mfunsiro, chifukwa vuto lili pa kudziwa kwa wokopera osati pa pepala. Likopedwe mmene lilili, kenako akafunsidwe akuluakulu a m'deralo. Munthu wachiwiri awerenge malo ovutawo asanaone zimene woyamba walemba, popeza diso likauzidwa kuti ndi mantha silionanso mauta.

Pomaliza, kope lokhulupirika ndi kope la m'kalasi zikhale zosiyana. La m'kalasi likhoza kutsata kalembedwe ka masiku ano n'kusiya zizindikiro pamene tanthauzo silisintha. Koma pamene chilembo chimodzi chikusintha nkhani yonse, kukayikako kufike kwa ana. Mphunzitsi akhoza kujambula timizere tiwiri tija pa bolodi, kulemba "kuti" ndi "ndi" za dzanja lomwelo pambali pake, n'kusiya ophunzira ayerekeze okha asanamve zimene wokopera anasankha.