Kubwereza si kuunika: tiyesere pa nkhani ya Obi Wali

Ndili ku koleji, aphunzitsi ena anandibwezera pepala atalemba funso limodzi lokha m'munsi: “Nanga iwe ukuti chiyani?” Ndinali nditadzaza masamba atatu ndi “mlembiyu akunena kuti, akupitiriza kuti, akumaliza ndi kuti”. Zonse zinali zoona, koma munalibe chiweruzo changa. Lero ndiyesenso pa nkhani yomweyo.

Nkhaniyo ndi “The Dead End of African Literature?” ya Obi Wali wa ku Nigeria, yomwe inatuluka m'magazini ya Transition mu 1963. Chidule chake chikwana m'ziganizo ziwiri, ndipo pounika chisamapitirire apo. Wali ankayankha msonkhano wa alembi a mu Africa olemba m'Chingerezi umene unachitikira ku Makerere mu 1962. Mfundo yake inali yakuti zolembalemba zenizeni za mu Africa ziyenera kukhala m'zilankhulo za mu Africa, apo ayi njira yomwe alembiwo anatenga sipita kulikonse. Basi. Ntchito yeniyeni ikuyambira apa.

Funso loyamba ndi lakuti: nkhaniyi ikulimba pati, ndipo chifukwa chiyani? Kungoti “ili bwino” sikokwanira. Mphamvu ya Wali ili pa funso la owerenga. Iye akupereka chitsanzo cha A Dance of the Forests, sewero la Wole Soyinka la chaka cha ufulu wa Nigeria, 1960, n'kunena kuti amene analipeza kapena kulimvetsa sankafika ndi munthu mmodzi pa 100 aliwonse. Chitsanzochi n'chakuthwa chifukwa chikuika mkanganowo pa chinthu chooneka: dziko likukondwerera ufulu ndi sewero lomwe eni ufuluwo sangalimve. Amene anayesapo kufotokozera agogo ndakatulo yake ya Chingerezi akudziwa kuwawa kwake.

Funso lachiwiri: kodi umboniwo ukukwanira kunyamula mfundo yonse? Apa m'pamene ndikusiyana naye. Seweroli n'lovuta ngakhale kwa odziwa Chingerezi bwino, chifukwa Soyinka analiluka ndi zifanifani zambiri. Ndiye vuto ndi chilankhulo, kapena kalembedwe ka munthu mmodzi? Wali akanayesa mfundo yake pa buku la Chingerezi chosavuta ngati Things Fall Apart la Chinua Achebe, la 1958, tikanaona bwino gawo la chilankhulo palokha. Kusankha chitsanzo chomwe chikukukomera n'kufooka, ndipo wounika ayenera kuloza pamalo penipeni pomwe zachitikira.

Kufooka kwina n'kwakuti akusenzetsa alembi katundu yense, ngati kuti kusintha chilankhulo kokha kungathetse nkhani. Kwathu kuno Samuel Josia Nthara anatulutsa Nthondo m'Chinyanja mu 1933, zaka 30 Wali asanalembe. Olemba m'chilankhulo chathu analipo kale. Nanga bwanji ambirife sitinaligwirepo bukuli? Yankho likukhudza osindikiza, masukulu ndi ndalama, osati mtima wa mlembi wokha.

Pali msampha umodzi womwe ndinagweramo nthawi ija. Ndinalemba monyadira kuti Wali akudzitsutsa yekha poti nkhani yake ili m'Chingerezi. Zimakoma kunena, koma ndi kugenda munthu m'malo mwa mfundo. Iye ankalankhula ndi alembi ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ngakhale akanakhala wachiphamaso, zonena zake zikanatha kukhalabe zoona. Njira yodziyesera ndi iyi: chitsutso chako chikakhala cholondola, kodi mfundo ya mlembiyo ikugwa kapena kugwedezeka? Ngati yaima chilili, chichotse.

Pomaliza pamafunika kuyeza mbali ziwirizo, osati kungozindandalika. Chiweruzo changa n'chakuti Wali anapeza nthenda yeniyeni koma anakokomeza ulosi. Zolemba za mu Africa za m'Chingerezi sizinafe ayi. Komabe funso lake silinafenso: Achebe anateteza Chingerezi m'magazini yomweyo mu 1965, pomwe Ngugi wa Thiong'o anadzatembenukira ku Chikikuyu n'kutulutsa Decolonising the Mind mu 1986. Nkhani yaifupi yomwe akuluakulu otere amalimbana nayobe ndi yofunika kuiwerenga, koma ngati chiyambi cha mtsutso, osati mathero ake.

Musanatumize kuunika kwanu, werengani ziganizo zomwe zikuyamba ndi “mlembi akuti”, kenako zomwe zili ndi “chifukwa”. Zoyambazo zikachuluka, mwangonyamulira mwini nkhani chikwama. Komanso dzifunseni ngati Wali, atawerenga, angapeze choti ayankhe. Pa pepala langa lija akanangogwedeza mutu, poti munali mawu ake okhaokha.