Manja a Mmisiri wa Toileti ku Nkhotakota

M'nyumba zogona alendo za m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, mmisiri wa mapaipi amadziwika ndi toileti yosagwedera ukaikhalira.

Amayamba waiika mbale ya toiletiyo pamalo pake isanamangidwe, levulo ili pamwamba, kuyeza cham'mbali ndi chakutsogolo. Simenti yathu siikhala yosalala paliponse, choncho pomwe mbale yalekana ndi pansi amalowetsa tizidutswa ta pulasitiki. Thabwa amalikana, chifukwa chinyontho cha kunyanja chimaliwoletsa, mbale n'kuyambanso kugwedera. Kugwederako ndi kumene kumamasula labala yolumikiza mbale ndi paipi ya mamilimita 110, ndipo fungo limayamba kumveka madzi asanaonekere pansi.

Akaboola mabowo awiri a mabawuti pasimenti, amapaka sopo palabalayo kuti khosi la mbale lilowe mowongoka, labala osapindika. Chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi kamangidwe ka mabawuti: pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, mosinthana, mpaka mbale itakhazikika. Akapitiriza, mbale imang'aluka. Amasankha mabawuti a mkuwa kapena achitsulo chosachita dzimbiri.

Kenaka amagujumula kangapo n'kupisa pepala louma pansi pa cholumikiziracho. Likanyowa, amamasula zonse n'kuyambiranso.