Pamene Lilime Lakhumudwa: Kuyesa Zolemba ndi Khutu

Mlembi akatsiriza kulemba nkhani yake koyamba, n'kuyang'ana masamba odzala ndi malembo a dzanja lake, mtima wake umafulumira kumuuza kuti ntchito yatha. Koma diso limene lalemba mawuwo ndi mboni yokondera, pakuti limalumpha pamene pasowa liwu, limadzaza pamene pali mpata, ndipo limakhululukira chiganizo chopunduka chifukwa likudziwa kale chimene mwini wake anafuna kunena. Chifukwa chake alembi okhwima, asanapereke zolemba zawo kwa osindikiza, amaimirira ndi pepala m'manja, naziwerenga mokweza kuyambira pamutu kufikira pampumiro wotsiriza, ali ndi pensulo yoikira chizindikiro ponse pamene lilime lakhumudwa.

Gustave Flaubert, mlembi wa ku France amene anakhalira buku lake la Madame Bovary kuyambira 1851 kufikira 1856, anali ndi chizolowezi chofuula ziganizo zake m'nyumba yake ya ku Croisset, pafupi ndi mzinda wa Rouen, pokhulupirira kuti chiganizo chimene chipanikiza chifuwa cha wowerenga n'chiganizo cholembedwa moipa. Koma ngati mwambowu unathandiza Mfalansa, ife olemba Chichewa tiufuna koposa, ndipo chifukwa chake chili m'chilankhulo chathu momwemo. Timalankhula mokweza ndi kutsitsa mawu, ndipo kukwera ndi kutsikako kumasiyanitsa matanthauzo, koma kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi papepala. Munthu akalemba kuti "mtengo wa mango wagwa," iye mwini akumva m'mutu mwake ngati akunena za chomera chimene chazulidwa ndi mphepo kapena za ndalama zimene ogula alipira pamsika. Wowerenga alibe chomuuza, ndipo asankha kanenedwe kamodzi, n'kupitirira, kufikira chiganizo chotsatira chitamutsutsa, pamenepo n'kubwerera m'mbuyo mwamanyazi. Tilinso ndi chizolowezi china chimene ambiri sachizindikira ngakhale amachichita tsiku ndi tsiku: pofika pamapeto a gulu la mawu, timakoka pang'ono phatikizo lotsatana ndi lotsiriza, ndipo kukokako ndiko kumauza womvera kuti ganizo lafika popumira. Wowerenga amene sakudziwa pamene gulu la mawu lithera amakoka posayenera, ndipo chiganizo chimathyoka pakati ngakhale palibe liwu limodzi lolakwika.

Kachitidwe kake n'kosavuta, koma kamafuna kudziletsa. Zolembazo ziyambe zagona masiku angapo, kuti mlembi aiwaleko kamvekedwe kamene anali nako polemba. Poziwerenga aimirire, atulutse mawu enieni monga akulankhula kwa munthu wokhala kutsidya la chipinda, osati kunong'ona, pakuti wonong'ona satha mpweya ndipo sadziwa pamene chiganizo chatalikitsa. Zizindikiro zitatu zikwanira. Pamene wapuma popanda mpatuliro kapena mpumiro, alembe kamzere koimirira. Pamene wabwereza liwu kapena wabwerera kukayambanso chiganizo, azunguze liwulo. Ndipo pamene wapeza kuti mawu ake afooka, kapena akuthamanga kuti angodutsapo, alembe mzere wokhotakhota m'mbali mwa ndimeyo. Chimene sayenera kuchita ndicho kuima ndi kuyamba kukonza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wokonza chiganizo choyamba asanamve chakhumi amataya kamvedwe ka nkhani yonse, kamene sikapezeka mwa njira ina koma kuiwerenga ulendo umodzi osaleka.

Tsono mfundo imene ndifuna kuikhalira ndi iyi, yakuti pamene lilime lakhumudwa si pamene pali cholakwa nthawi zonse. Munthu woyenda usiku amagwera patsogolo pa chitsa chimene chamukola, ndipo akafufuza pamene wagwera sapezapo kanthu. Tiyeni titenge chiganizo chonga zimene zimapezeka kawirikawiri m'nkhani za olemba oyamba kumene:

"Mfumu itafika pabwalo pamene anthu a m'mudzi anasonkhana kuti amve mlandu wa ng'ombe zimene zinadya chimanga cha a Nachisale ndi mwana wake anakhala pansi ndi kufunsa kuti ndani amene anazitsegulira khola."

Diso lidutsa pamenepa mosadandaula. Koma wowerenga mokweza atha mpweya chapafupi ndi dzina la a Nachisale, apuma, ndiye pofika pa mneni uja "anakhala" aima, nabwerera. Pensulo izunguza "anakhala," ndipo mlembi wosazolowera ayesa kuti mneniyo ndiye wodwala, namuchotsa n'kuikapo wina, kapena kumuikira mpatuliro kumbuyo. Chilonda chenicheni chili kutali. Chiganizochi chinayamba ndi "mfumu itafika," ndipo khutu la Mchewa, litamva mgwirizanitsi "i", likudikira mneni wina woyamba ndi "i" yemweyo kuti atsirize chimene chayambidwa. Pakati pa "itafika" ndi "anakhala" pali mawu 20, ndipo m'katimo mwalowa anthu a m'mudzi, a Nachisale ndi mwana, onsewo otenga mgwirizanitsi "a". Mlembi mwini, atayenda ulendo wautali chotere, anaiwala kuti anayamba ndi "i", ndipo ulemu umene ali nawo pa mfumu unamukokera ku "a". Koma womvera sangadziwe ngati wakhala pansiyo ndi mfumu, khamu, a Nachisale kapena mwana.

Palinso kaliwu kaja "ndi", kamene m'Chichewa kamasenza ntchito zambiri. Kodi chimangacho n'cha a Nachisale pamodzi ndi mwana, kapena mfumu inafika ndi mwana wake? Wowerenga akapuma asanatchule "ndi", mwanayo ndi wa mfumu. Akapuma atatha "wake", ndi wa a Nachisale, ngakhale kuti pamenepo ulemu ukanafuna "wawo". Mpweya ndiwo waweruza mlandu umene mlembi anayenera kuweruza yekha. Ngakhale "pamene" wa pachiyambi uja sakudziwika ngati akunena malo kapena nthawi. Zilema zitatu izi zonse zinatulukira pa chizindikiro chimodzi, ndipo palibe chimene chinali pamene panali chizindikirocho. Kukonza kwake ndiko kumasula mtolo wonse:

"Anthu a m'mudzi anali atasonkhana kale pabwalo kudzamva mlandu wa ng'ombe zija, zimene zinadya chimanga cha a Nachisale. Mfumu inafika ndi mwana wake, inakhala pansi, nifunsa kuti, 'Kodi anatsegula khola ndani?'"

Mawu sanachepe kwenikweni, koma tsopano mneni aliyense ali pafupi ndi mwini wake, ndipo funso la mfumu, limene linali litakwiririka pansi pa "kuti ndani amene", lamveka ndi pakamwa pa mfumu yomwe. Wina asaganize kuti ndikuletsa ziganizo zazitali. Makolo athu poweruza milandu pabwalo amatha kuyendetsa ganizo limodzi nthawi yaitali osasokoneza womvera, chifukwa amabwereza dzina la amene akumunena pamene khutu layamba kumuiwala, ndipo amapereka popumira pamene mpweya ufuna. Chiganizo chachitali chimene chisunga malamulo awiriwa chimawerengeka bwino koposa zazifupi zisanu zodumphadumpha.

Mzere wokhotakhota uja ndiwo wovuta kuumvera, pakuti suloza cholakwa cha malamulo a chilankhulo. Pamene mlembi apeza kuti akuthamanga podutsa ndime yake yomwe, kawirikawiri ndimeyo ikubwereza chimene chanenedwa kale, kapena ikufotokoza chimene anthu a m'nkhani achionetsa ndi zochita zawo. Mankhwala ake si kukometsa mawu ayi, koma kuyesa kuwerenga nkhaniyo ndimeyo itachotsedwa. Ngati palibe chasowa, ichoke. M'zokambirana za anthu, kufooka kwa mawu kumaulula china: mlembi waika m'kamwa mwa gogo mawu amene gogo sanganene, kapena wachititsa mkamwini kulankhula kwa apongozi ake mosazungulira, monga alankhulira ndi mnzake wa kudambwe. Lilime limene linaleredwa m'mudzi limakana kutchula zotere ndi mphamvu, ngakhale nzeru za mlembi zisanazindikire chifukwa.

Komabe njira iyi ili ndi malire ake, ndipo oyamba ndi akuti mlembi ndi wowerenga wachinyengo wa zolemba zake. Iye adziwa mtengo umene akunena, adziwa mwini mwana, ndipo mawu ake amakonza mwakachetechete zimene pepala lalakwa. Pachifukwa ichi kuwerenga kwachiwiri kuchitike ndi munthu wina amene sanaonepo zolembazo, mlembi atakhala chete ndi pepala lake ndi pensulo, osathandiza, osafotokoza, ngakhale mtima ukumuwawa pomva chiganizo chake chokondedwa chikuthyoledwa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Wowerengayo asakhale katswiri wa pawailesi, pakuti oterewa anaphunzira kuyang'ana patsogolo ndi kubisa zilema za pepala. Akhale munthu wamba wodziwa kuwerenga, monga mkulu wa mpingo amene amapatsidwa mawu Lamulungu m'mawa. Amene anamvapo Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998 akuwerengedwa ndi anthu otere adziwa kuti ndime imodzimodzi itha kuyenda mosiyana m'kamwa mwa munthu mmodzi, malinga ndi mmene otanthauzira anayalira mawu ake. Pamene onse awiri, mlembi ndi mlendo, akhumudwa pamalo amodzi, palibenso chokambirana. Pamene wakhumudwa mlendo yekha, mlembi afunse ngati chamukola ndi liwu lachilendo kwa iye, monga la chigawo china, kapena kamangidwe ka chiganizo. Loyambalo litha kutsala, koma chachiwiricho chikonzedwe.

Malire achiwiri ndi akuti kusalala si choonadi. Nkhani itha kutsetsereka pa lilime ngati nyimbo, ili yopanda kanthu m'kati. Ndipo Flaubert yemweyo, mu 1849, anawerengera abwenzi ake Louis Bouilhet ndi Maxime Du Camp buku lake lonena za mayesero a Antonio Woyera kwa masiku anayi, ziganizo zake zikumveka bwino, koma iwo anamulangiza kuti aliponye pamoto. Khutu limaweruza kayendedwe ka mawu, silifunsa ngati nkhaniyo inayenera kulembedwa. Ndiponso pali kukhumudwa kwina kumene mlembi amakufuna dala, monga pamene mayi wolandira uthenga wa maliro alankhula mawu oduka, kapena pamene mvekero monga "zii" uimitsa chiganizo kuti womvera akhale chete kamphindi. Chizindikiro chikagwera pamalo otere, mlembi adzifunse ngati wowerenga waima chifukwa sanamvetse kapena chifukwa wamvetsa, ndipo ngati n'chachiwirichi afufute chizindikirocho, asiye mawu monga ali.